Khadi la 12 GB linandikweza mapiri a Chikwawa kawiri

Khadi la zithunzi lili m'kompyuta tsopano ndipo likugwira ntchito, koma mtima sunaphwe. Ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Nchalo, ndipo anthu akhala akundibweretsera mavidiyo akale a pa DVD kuti ndiwawalitse, chifukwa pa makanema akuluakulu a masiku ano nkhope zimaoneka ngati zapakidwa phala. Pulogalamu imene ndimagwiritsa ntchito ndi Real-ESRGAN. Imatenga chithunzi chilichonse cha muvidiyo, n'kuchikulitsa, n'kukonza m'mphepete mwa zinthu kuti muoneke bwino. Pulogalamuyo ndi yaulere, ndalama zimathera pa khadi la zithunzi.

Ndinayamba ndi GTX 1650 ya 4 GB imene ndinali nayo kale. Nditangoika vidiyo ya 720x576 pa RealESRGAN_x4plus, yaikulu mwa mamodelo amene pulogalamuyi imakonzera zithunzi, panatuluka `CUDA out of memory` basi. Ndinadabwa, poti kachithunzi ka DVD n'kakang'ono. Chimene chimachitika n'chakuti modeloyo imakulitsa kanayi m'litali ndi m'lifupi, ndiye chithunzi chimafika 2880x2304, ndipo ili mkati mogwira ntchito imasunga magawo 64 a chithunzi chimenecho nthawi imodzi. Zonsezo ziyenera kukwana m'memori ya pakhadi penipenipo. Memori ya kompyuta, ngakhale muwonjezere bwanji, siyithetsa vutoli.

Njira yozembera ilipo. Mukalemba `--tile 256` pulogalamu imaduladula chithunzi m'timagawo, n'kumakonza kamodzikamodzi. Zinatheka ndithu, koma chithunzi chimodzi chinkatenga pafupifupi masekondi 8. Ndinakhala pansi n'kuwerengetsera. Ukwati wa maola awiri, pa zithunzi 25 pa sekondi, ndi zithunzi 180,000. Kuchulukitsa ndi 8, akukwana maola 400, masiku pafupifupi 17 kompyuta ikungolira usana ndi usiku. Kuno kumene magetsi amatha kuthima nsima ili pamoto! Mpamene ndinati ndigule khadi lina.

Ndinasankha RTX 3060 ya 12 GB, yogwiritsidwapo kale ntchito. RTX 4060 ndi yatsopanoko ndipo imadya magetsi ochepa, mawati 115 pomwe RTX 3060 imadya 170, koma memori yake ndi 8 GB ndipo mtengo umene ndinaupeza unali wokwera. Maganizo anga anali akuti khadi lochedwa umalidikira, koma losowa malo limangokana, kapena likukakamize kuduladula. Komanso ndimalandira mavidiyo a pafoni a 1280x720, amene amafuna malo oposa kuwirikiza kawiri a DVD.

Tsono tsiku loipa lija. Ndinanyamuka m'mamawa pa minibasi, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kudutsa pa Thabwa, kukwera mapiri mpaka ku Limbe. Mnyamata wa m'sitolo ina anatulutsa khadi lopanda bokosi, n'kundionetsa pomwe palembedwa RTX 3060. Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, ndi la 12 limeneli?" Iye akuti, "Madala, 3060 ndi 3060, musadandaule." Mtengo unali wotsikirapo kusiyana ndi kwina, ine n'kumadziona ngati wochenjera. Ndinalipira, n'kutsika kuchigwa.

Kufika kunyumba, khadi silikulowa magetsi n'komwe. Kompyuta yanga inali ya mu ofesi, pawa saplayi yake ya mawati 240, yopanda chingwe cha mano 8 chimene khadili limafuna. GTX 1650 yanga inkangodya kuchokera pa bolodi, ndiye sindinaganizeko. Limeneli linali vuto langa, sindinamizira munthu. Opanga khadili amati pakhale pawa saplayi ya mawati 550, ndipo ndikanayang'ana ndisananyamuke. Ndinapita nalo kwa mnzanga amene ali ndi kompyuta yaikulu, tinaliika, n'kulemba lamulo loonetsa memori ya khadi:

```
nvidia-smi
```

Panatuluka `8192MiB`, kutanthauza 8 GB. Thupi lonse linachita tsemwe ngakhale kunja kunali ng'anjo. Kani RTX 3060 ilipo ya mitundu iwiri. Yoyamba, ya 2021, ndi ya 12 GB. Mu 2022 anatulutsanso ya 8 GB, dzina lomwelo, ndipo njira yake yodutsira memori ndi yopapatiza, mabiti 128 m'malo mwa 192, choncho imachedwerakonso. La 12 GB lenileni limaonetsa `12288MiB`. Musapereke ndalama musanaone nambala imeneyo ndi maso anu, khadi lili m'kompyuta ya m'sitolo momwemo.

M'mawa mwake ulendo wa ku Limbe kachiwiri, thiransipoti ina, ntchito ya chinkhoswe ku Ngabu n'kuisiyira wina. Kufika, mnyamata uja kulibe. Mwini wake akuti katundu akatuluka sabwezedwa. Ndinakhala pa benchi yawo kuyambira 10 koloko mpaka dzuwa kupendeka, ndikuuza aliyense wolowa kuti ayambe waona memori. Kenako anavomera kusintha, koma ndiwonjezere ndalama, ndiponso ndilipire ya "kuyeza" khadi limene anandinamiza nalo iwo omwe. Ndalama ya kuyezayo ndi imene imandiwawa mpaka lero, kuposa ya minibasi. Kuyeza kwake kunali kulemba liwu limodzi lomwe lija, ndipo ndinalemba ndine.

Ndaiwala kunena, ulendo womwewo ndinagula pawa saplayi ya 550 ndi bokosi lalikulu lolowa mphepo. Aliyense amene akuwerengera mtengo wa khadi aphatikizepo zimenezi, apo ayi bajeti ndi yabodza. Purosesa sindinasinthe, ntchito yolemera ili pa khadi.

Pa khadi latsopanoli modelo yaikulu ija ikutenga sekondi ndi theka pa chithunzi cha DVD, osaduladula. Ukwati wa maola awiri ndi maola 75. Kuchoka pa 400 ndi phindu, komabe ndi masiku atatu. Chimene chinandichititsa manyazi n'chakuti liwiro lenileni ndinalipeza posintha modelo, kwaulere:

```
python inference_realesrgan_video.py -i ukwati.mp4 -n realesr-general-x4v3 -s 2
```

Modelo yaing'onoyi ikundipatsa zithunzi pafupifupi 8 pa sekondi, ukwati wonse maola 6 ndi pang'ono, ndipo memori imadya yochepa kwambiri. Nsalu za anamkungwi sizituluka mwatsatanetsatane ngati pa yaikulu, koma makasitomala ambiri sasiyanitsa. Kunena zoona, wongofuna ma DVD okha pa modelo yaing'onoyi, 8 GB imukwanira, mwinanso khadi limene ali nalo kale. Ayese kaye mphindi imodzi ya vidiyo, zithunzi 1,500, awerengere nthawi, kenako aganize zokwera mapiri. Ine yaikulu ndimaisungira mavidiyo a pafoni ndi mbali ya malumbiro ku tchalitchi, ndipo pamenepo 12 GB ndi imene ikundithandiza.

Kwatsala kutentha. Mu Okutobala kuno timadutsa madigiri 40, ndipo khadi likafika cha m'ma 83 limayamba kudzichepetsa liwiro lokha. Mudzazindikira mafani akamakuwa koma zithunzi pa sekondi zikutsika. Ndinalichepetsera magetsi ndi `nvidia-smi -pl 130`, liwiro linatsika pang'ono chabe koma kutentha kunatsika ndithu. Ntchito ndimayambitsa usiku, vidiyo nditaidula zidutswa za mphindi zisanu zisanu, kuti magetsi akathima nditaye chidutswa chimodzi osati usiku wonse. Fumbi ndimapemerera sabata iliyonse.

Mlamu wanga wa ku Bangula akuti akufuna lake mwezi wamawa. Ndamulembera `12288MiB` pa kapepala, ndamuuza kuti asatulutse chikwama asanaione, ndipo ndamulongosolera khomo la sitolo ija kuti akangolidutsa.