Zitseko 18 za alamu

Tulo takana usiku uno chifukwa cha mawu amene alamu anga anayankhula masana ku Mchesi, pashedi pawo pamene amakhoma zitseko za paini. Anati, "Mlamu, chitseko chilichonse chimandipatsa phindu la K25,000, koma mwezi ukatha ndalama ya lendi ndimachita kukongola. Kapena alipo akundibera?" Anayankhula motsitsa mawu kuti anyamata awo awiri asamve, ndipo zinandiwawa, chifukwa anyamata aja ndimawadziwa kulimbikira kwawo.

Ndinapempha kope lawo, tinakhala pabenchi n'kuyamba kuwerengera. Chitseko amagulitsa K85,000. Matabwa a chitseko chimodzi amadya K42,000, vanishi K8,000, misomali, guluu ndi sandipepa K5,000, kunyamulitsa matabwa K5,000. Zonse pamodzi K60,000. Apa alamu sananame, pachitseko pamatsaladi K25,000. Pamene tinasiyana mpakuti iwo ndalama imeneyi amaitcha phindu, pomwe ili ndi eni ake kale.

Eni akewo ndi zinthu zimene zimafuna ndalama mwezi ndi mwezi, kaya mwagulitsa kaya simunagulitse. Lendi ya shedi ndi K150,000. Anyamata awiri amalandira K130,000 aliyense, ndiye kuti K260,000. Magetsi amakhala cha m'ma K40,000. Kuphatikiza zonse ndi K450,000, ndipo ndalama imeneyi imayamba kuwadikira pa 1 mwezi uliwonse asanagwire n'komwe sowo.

Ndinati, "Alamu, gawani K450,000 ndi K25,000." Anatulutsa foni, yankho linabwera 18. Ndiye kuti zitseko 18 zoyambirira pamwezi zimangolipira mwini shedi, anyamata ndi magetsi. Phindu lenileni limayamba pachitseko cha 19. M'kope munalembedwa kuti mwezi watha anagulitsa 14. Zinaperewera zinayi, ndipo zinayi kuchulukitsa ndi K25,000 ndi K100,000.

Anakhala chete, kenako anati, "Imeneyotu ndiyo ndinakongola kubanki m'khonde ya mayi a kunyumba." Wakuba panalibe.

Ndikulemba izi mtima udakali m'mwamba, mwina chifukwa ndakhala ndikuona anthu aluso ngati iwo akutopa mwezi wonse, ndalama zikudutsa m'manja tsiku lililonse, iwo n'kumaganiza kuti bizinesi ikuyenda. Ndalama ya kasitomala ikalowa m'thumba imaoneka yambiri, ndipo palibe chimakukumbutsa kuti K60,000 ndi ya matabwa a mawa.

Chimene chinatitengera nthawi yaitali ndi nzeru imene anali nayo kale m'mutu, yotsitsa mtengo kufika pa K80,000 kuti makasitomala asamapite kwa anzawo oyandikana nawo. Amati K5,000 ndi yochepa pa K85,000. Ndinawauza kuti K5,000 imeneyo sichoka pa K85,000, imachoka pa K25,000 ija, chifukwa wogulitsa matabwa satsitsa mtengo wake poona kuti inu mwatsitsa. Pachitseko patsala K20,000, ndipo K450,000 kugawa ndi K20,000 ndi 22 ndi theka. Theka la chitseko saligulitsa, ndiye ndi 23. Ndinafunsa kuti anyamata angakhome zingati pamwezi magetsi atapanda kuvuta. Anati 20. Ndiye ngakhale makasitomala atachita mzere, pamtengo umenewo aziluza mwezi uliwonse. Mfundo iyi ndinaibwereza kangapo, mwinanso mokweza mawu, poti ndinaona kuti mtima wawo unali utagwa kale pa zotsitsazo.

Kenako iwo eni anafunsa kuti bwanji anyamata azilipidwa pachitseko, K13,000 chilichonse, m'malo mwa pamwezi. Funso labwino, chifukwa malipiro akatero amasamuka, amachoka pa zolipira za pamwezi n'kulowa mumtengo wopangira chitseko. Za pamwezi zitsala K190,000, chitseko chidya K73,000, patsala K12,000. Kugawa kwake kukupereka 15 ndi kanthu, ndiye zitseko 16. Chiwerengero chatsika ndi ziwiri, koma phindu la pachitseko cha 17 kupita m'tsogolo lachepanso, ndipo mwezi wa zitseko 14 anyamata agawana K182,000 m'malo mwa K260,000. Mmodzi wa iwo mkazi wake ndi woyembekezera. Pamenepa masamu anali atatha ntchito yake, ndipo sindinawauze chochita.

Chimene sindinatchule, ndipo ndicho chikundisowetsa tulo, nchakuti mu K450,000 muja mulibe malipiro a alamuwo. Atati azidzilipira K200,000 pamwezi, za pamwezi zifika K650,000, ndipo pafunika zitseko 26, pomwe shedi imatha 20. Mwina njira ndi kukweza mtengo, mwina kuwonjezera mafelemu a mawindo ochokera ku zidutswa zimene pano amangopatsa anthu kukasonkhera moto. Mlongo wanga waimba madzulo ano kufunsa kuti takambirana zotani, ndangomuuza kuti ndibwera Loweruka ndi kope lina.