Pamene ndafika ndi masamu a zinthu zochepa ndi theka

Madzulo a masiku ano ndakhala ndikuchita masamu a zinthu zimene zimachepa ndi theka pakapita nthawi yofanana, ndipo tsopano ndachoka pa funso lakuti patsala zochuluka bwanji, ndalowa pa lakuti padutsa nthawi yaitali bwanji kuti patsale mlingo wakutiwakuti.

Ndinasankha tekinetiyamu-99m, mankhwala otulutsa cheza amene amabaya wodwala akafuna kujambula mafupa kapena mtima. Mphamvu yake imatsika ndi theka pa maola 6 alionse. Funso langa linali lakuti, ngati m'botolo muli mamegabekerelo 800, womwe ndi muyezo wa mphamvu ya cheza, padzapita maola angati kuti atsale 60? Ndisanagwire kakyuleta ndimayamba ndagawa pawiripawiri: 400, 200, kenako 100 pa maola 18, ndi 50 pa maola 24. Choncho yankho liyenera kugwera pakati pa 18 ndi 24, ndipo likatuluka kunja kwa malire amenewa ndiye kuti china chake chasokonekera. Njira yeniyeni ndi iyi:

```
t = T × ln(N0/N) ÷ ln 2
```

Apa t ndi nthawi imene tikufuna, T ndi nthawi yofika theka, N0 ndi mlingo woyambira, N ndi wotsala, ndipo ln ndi logarizimu imene pa kakyuleta ili ndi batani lolembedwa ln. Kugawa 800 ndi 60 kumapereka 13.33, ln yake ndi 2.590, ndipo tikagawa ndi ln 2, yomwe ndi 0.693, tipeza 3.74. Nambala imeneyi ikutiuza kuti mankhwalawo atsika ndi theka kangati, ndiye tikaichulukitsa ndi 6 tipeza maola 22.4. Munthu amene angaganize kuti kuchoka pa 100 kufika pa 50 mphamvu imatsika mofanana ola lililonse apeza 22.8, chifukwa waiwala kuti kutsikako kumathamanga poyamba n'kumachedwa pambuyo pake. Wotembenuza N0 ndi N amapeza nthawi yochepera ziro, chimene ndi chizindikiro chosabisika.

Chimene chandigwira mtima kwambiri n'chakuti m'thupi la munthu T sakhazikika monga m'botolo. Jentamayisini, mankhwala opha mabakiteriya, amachoka m'magazi kudzera mu impso, ndipo mwa munthu wamkulu wa impso zabwino amafika theka pa maola awiri kapena atatu. Kuti atsike kuchoka pa mamiligalamu 8 pa lita kufika pa 1, ayenera kugawika katatu, ndiye kuti maola 7.5 ngati T ndi 2.5. Koma tiyerekeze kuti impso zafooka mpaka T wafika maola 10: ulendo womwewo utenga maola 30, ndipo kubaya mlingo wina nthawi isanakwane kumaunjika mankhwala amene angathe kuwononga impso ndi makutu. N'chifukwa chake madokotala amayeza magazi m'malo modalira T wa m'buku.

Mowa sutsata lamuloli, pakuti chiwindi chimauchotsa pa mlingo pafupifupi wofanana ola lililonse. Sabata yamawa ndiyesa kupeza T kuchokera pa miyezo iwiri ya magazi.