Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Mwana wofuula mayankho

Nditasamutsidwira kusukulu yanga yachiwiri, ndinalandira kalasi ya ana a zaka 10 momwe munali mnyamata wina amene aphunzitsi onse anali atatopa naye. Ankafuula yankho asanalozedwe, dzanja osakweza. Kumukalipira anamukalipira, panja anamutulutsa kambirimbiri, koma ayi ndithu.

Ndisanachite chilichonse, ndinakhala kumbuyo kwa kalasi mnzanga akuphunzitsa, n'kumaona chimene chimatsatira mwanayo akangofuula. Nthawi zambiri sankayankhidwa. Koma mwa apo ndi apo, yankho likakhala lolondola, mphunzitsi ankati, "Wakhoza, koma uzikweza dzanja." Mphotho yake inali imeneyo, ndipo kubwera kwake kosadziwika nthawi ndi kumene kunkalimbitsa khalidwelo.

Izi ndinazidziwira m'kafukufuku amene akatswiri a za khalidwe, B. F. Skinner ndi Charles Ferster, anachita pa nkhunda, wofalitsidwa mu 1957. Nkhunda yozolowera kulandira chakudya nthawi iliyonse ikajompha kabatani imaleka msanga chakudyacho chikasiya kubwera. Koma imene imalandira mwakamodzikamodzi, osadziwa kuti ndi kujompha kwachingati kumene kubweretse chakudya, imajomphabe kwa nthawi yaitali. Mnyamatayu anali ataphunzitsidwa kulimbikira, ngakhale palibe anafuna kumuphunzitsa zimenezo.

Ndinakambirana naye patokha, ndinagwirizananso ndi aphunzitsi anzanga: akafuula, osamuyang'ana n'komwe, akakweza dzanja, kumuloza nthawi yomweyo. Poyamba tinkamuloza nthawi iliyonse, chifukwa khalidwe latsopano limafuna mphotho yosadumphitsa kuti ligwire. Litagwira tinayamba kudumphitsa, pena kachiwiri, pena kachinayi, mosatsata ndondomeko yoti iye n'kuiloweza.

Masiku oyamba zinthu zinafika poipa. Anafuula mokweza kuposa kale, mpaka kumenya desiki. Apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi, koma zimatero ndithu mphotho yozolowereka ikadulidwa. Ukagonja pamenepo n'kumuyankha, wamuphunzitsa kuti chimagwira ntchito ndi kufuula kwambiri. Ine ndinkalemba kamzere papepala akafuula, kuti ndiziona timizereto tikuchepa sabata ndi sabata m'malo modalira mmene mtima wanga ukumvera tsikulo. Njira yosalabadirayi ili ndi malire ake: mwana womenya anzake sungamulekerere choncho.

Nanga zilango zija zinkalephereranji? Chilango chimangouza mwana choti asiye, osamuonetsa choti achite m'malo mwake, ndipo chimagwira pokhapokha wolangayo ali pafupi. Komanso zina zimene timazitcha zilango si zilango kwa mwana. Kukalipiridwa kunkachititsa kuti kalasi yonse itembenukire kwa iye, chimene ankachifuna. Kutulutsidwa panja nthawi ya masamu kunkamupulumutsa ku ntchito imene inkamuvuta. Chimandiwawabe mpaka lero kuti pa zaka zonse zimene ankalangidwa, palibe anazindikira kuti mwanayu sankatha kugawa manambala. Mmene tinayambira kumuthandiza pa masamuwo ndidzafotokoza m'gawo lotsatira.