Wogula amasaka ndi dzina la foni yake, osati la pabokosi la tchaja

Eee koma mtima wakhala m'malo tsopano, phunziro la mawu osakira lija limandizunguza mutu pa kosi ya malonda apaintaneti landilowa. Zoika chithunzi chowala ndi mtengo sindikambapo, nonse mukuzidziwa. Chomwe chatsegula mutu wanga ndi ichi, munthu wofuna tchaja sadziwa dzina la tchajacho, chomwe akudziwa ndi foni ili m'manja mwakeyo, kabowo kake kotchajira ndi vuto lomwe lamupeza basi. Ndiye akafika posakira pa Facebook Marketplace amalemba zomwe akudziwazo, pamene ife ogulitsa timakopera zolembedwa pabokosi chifukwa ndi zomwe zili patsogolo pathu. Malo osakirawo amayamba ndi kufananiza mawu omwe munthu walemba ndi mawu a pamutu wa katundu ndi m'kufotokoza kwake, mawuwo akapanda kukumana katundu wako atha osatuluka olo atakhala wabwino chotani.

Ndiyesere ndi tchaja chomwe ndili nacho pano, cha Samsung cha mawatsi 25. Ukatsata bokosi mutu wa katundu umatuluka chonchi:

```
EP-TA800 25W PD Travel Adapter
```

Palibe bodza pamenepa, EP-TA800 ndi nambala yake yeniyeni. Koma mayi amene Galaxy A15 yake yathima ku Ndirande alemba zimenezo? Ayi ndithu. Alemba "samsung charger" kapena "type c charger", wina yemwe foni ikumuchedwera kudzadza awonjezera "fast", ndipo amene kebulo ali nayo kale amangoti "charger head" poti kwathu kuno timati mutu wa tchaja. Mawu oti "adapter" aja amakokanso anthu ena, ofuna kachida kolumikizira pulagi ya mapini awiri pa soketi zathu za mapini atatu. Ndiye mutu ndaulemba chonchi:

```
Samsung charger Type C 25W fast, head + cable, A15 A25 A54
```

Oyamba ndi mawu amene anthu ambiri amalemba, dzina la foni ndi "charger", chifukwa pafoni mutu wautali umadulidwa ndipo munthu amangoona koyambirira. Kenako kabowo, "Type C" monga timatchulira pamsika osati "USB-C" ya m'mabuku, kenako liwiro, ndi zomwe zili mu paketi. EP-TA800 sindinaitaye, yapita m'kufotokoza mmunsi, poti alipo ochepa odziwa zinthu omwe amasaka ndi nambala ndipo amenewo akabwera savuta, amagula.

Pomwe ndinakhalitsa ndi pa mayina a mafoni kumapetoko. Mtima umafuna kungodzadza mafoni onse a Samsung, koma Galaxy A14 imalandira mawatsi 15 okha. Itchaja inde, koma munthu amene wagula poona "25W fast" ndi dzina la foni yake pamutu womwewo akadikira kuti foni ilembe "Super fast charging" ndipo sizichitika, mawa lake ali pa inibokosi kunena kuti mwamugulitsa feki. Ndiye A14 sindinaiyikepo. Chinanso mutu wa tchajachi uli ndi bowo la Type C, kebulo yakale ija ya mbali imodzi yaikulu silowa, pamafunika ya Type C mbali zonse. Wosaka "charger head" ayenera kuuzidwa zimenezi pamzere woyamba wa kufotokoza. Apa ndi pomwe ndinaona kuti mawu osakira ntchito yake si kukoka anthu ambiri ayi, ndi kukoka munthu amene chinthucho chikamugwirira ntchito.

Nkhani ya "iphone charger" ndiye imaonetsa bwino. Kuyambira iPhone 5 mu 2012 mpaka iPhone 14 kabowo ndi ka Lightning, koma iPhone 15 ya 2023 inabwera ndi Type C, kutanthauza kuti anthu awiri olemba mawu ofanana akufuna zingwe zosiyana. Komanso kuyambira pa iPhone 12 mu 2020 bokosi limabwera lopanda mutu wa tchaja, ndiye wafoni yatsopano nthawi zambiri akusaka mutu wokha. Pamenepa nambala ya mtundu wa foni iyenera kukhala pamutu wa katundu, "iPhone 11 12 13 14 charger", apo ayi mauthenga achuluka koma theka ndi ofunsa zomwe mulibe. Kwa mafoni a itel ndi Tecno akale a micro USB, ife ogulitsa timati V8 tikamaoda ku holoselo, koma makasitomala anga salemba V8, amati "android charger" kapena "itel charger" basi.

Njira yomwe ndaikonda, ndipo kwa ine palibe yoiposa, ndi kope. Uthenga woyamba wa kasitomala aliyense pa WhatsApp kapena pa Messenger ndimaukopera momwe waulembera, zolakwika ndi zonse, asanamve mawu anga ndi kuyamba kuwatsanzira. Wina "muli ndi tchaja ya A15", wina "type c original ilipo", wina "mutu wokha ndi zingati". Ukadzadza tsamba umangoona wekha mawu obwerezedwa, ndipo "original" amabwera pafupipafupi kuposa "25W" kutalitali, anthu anatopa ndi matchaja otentha ngati mbaula. Koma mawu amenewo uwalembe pokhapokha chinthucho chili chenichenidi. Ndikamaliza ndimakayesa posakira, kulemba "samsung charger" ndi kusiya kampata kuti ndione mawu omwe akubwera okha mmunsi, pafoni ya mnzanga osati yanga poti yanga imandibwezera zomwe ndinasaka ndekha dzulo. Kenako ndimasaka mawu aliwonse ndi kuona otuluka pamwamba, ngati "charger" yokha ikutulutsa za laputopu ndi za m'galimoto ndiye kuti mawuwo ndi otambalala kwambiri, katundu wanga amira. Ine ndikuti kope limeneli likuposa zida zonse zolipira zofufuzira mawu osakira.

Zomwe zimandinyansa ndi momwe aphunzitsi athu anatiphunzitsira. Phunziro lonse anathera pa zida zolipira ndi madola zoonetsa kuti mawu akutiakuti amasakidwa kangati pamwezi ku America, zitsanzo zonse za Amazon, ife tikuonera vidiyo ndi bandulo yoti ikutha pakati pausiku. Nditafunsa za msika wathu anangoti gwiritsani Google Trends. Chabwino Malawi ilimo, ungathe kuisankha, koma ukalemba mawu aatali ngati dzina la foni ndi tchaja limodzi imangokuuza kuti palibe zokwanira zoti ionetse. Mphindi khumi zokha akanatiuza kuti mverani kaye makasitomala anu bwenzi tonse titamva kalekale, ndipo nthawi yake ndi yochepa kale, masana uli pa benchi usiku magetsi azima.

Pali pena pomwe mutu sunakhazikike. Anthu a mu kope langa ndi okhawo amene anandipeza kale, amene anasaka ndi mawu ena osandipeza mulibemo, nanga ndiwamva bwanji amenewo? Komanso zolakwitsa ngati "sumsung" ndi "chager" ndimaziona kawirikawiri, mtima wina ukuti ndiziike mmunsi mwa kufotokoza, wina ukuti zipangitsa katundu kuoneka wachinyengo. Mauthenga achulukadi chisinthireni mutu uja koma ndinasintha cha kumapeto kwa mwezi anthu atalandira, ndiye kaya ndi mawuwo kaya ndi malipiro. Ndikuganiza zoika tchaja chomwecho ndi mutu wakale sabata imodzi pakati pa mwezi kenako watsopano sabata inayo, mtengo ndi chithunzi osasintha, ngakhale apanso sabata ziwiri sizifanana.