Ndalama zikapita kwa wakuba, yambani ndi kampani ya foni

Meseji inangoti, "Ndalama ija tumizani pa nambala iyi, foni yanga yawonongeka." Tsiku limenelo ndinali nditalonjeza kulipira mmisiri amene amandikhomera denga, ndiye ndinatumiza K85,000 pa nambala yatsopanoyo. Patangopita kanthawi mmisiri weniweni anaimba kufunsa ngati ndalama zake zili pafupi. Apa m'pamene ndinadziwa kuti andidyera masuku pamutu.

Mtima unkafuna kuti ndimuimbire wakubayo ndimulalatire, koma ndinadzigwira. Ndalama zimene mwatumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba zimakhala kaye mu akaunti ya wolandirayo mpaka atakazitapa kwa ejenti kapena kuzikankhira pa nambala ina. Kampani ingathe kugwira zokhazo zimene zikadali mu akauntimo. Mukamuimbira, mwamuuza nokha kuti athamange akatape.

Choncho ndinaimba ku nambala yothandizira makasitomala ya kampani yanga, nditalemba kale papepala zimene ndinkadziwa kuti andifunsa. Zonse zili mu meseji yotsimikiza imene imabwera mukangotumiza ndalama: nambala yolandira, dzina limene nambalayo inalembetsedwa, kuchuluka kwa ndalama, nthawi, ndi nambala yayitali yosakaniza zilembo ndi manambala imene imazindikiritsa kutumizako. Meseji imeneyo musaifufute ngakhale ikukuwawani kuiona, ndipo ya wakubayo muisungenso.

Mayi amene anayankha anandifunsa kuti, "Bambo, mwatumiza molakwitsa nambala kapena akunamizani?" Funso limeneli ndi lalikulu. Mukanena kuti mwalakwitsa nambala, nkhani imayenda ngati ya anthu awiri achilungamo, ndipo nthawi zambiri wolandirayo amafunsidwa ngati akuvomera kubweza. Wakuba angavomere ndani? Ine ndinanena mosapita m'mbali kuti andibera mwachinyengo ndipo ndikupempha kuti akaunti yolandirayo itsekedwe msanga. Anandiuza kuti kutseka akaunti n'kosiyana ndi kubweza ndalama, ndipo kuti pofuna kubweza afuna kalata ya kupolisi. Ndisanadule foni ndinapempha nambala ya dandaulo langa n'kuilemba papepala lomwe lija. Popanda nambala imeneyo, ukaimbanso umayambira pachiyambi ndi munthu wina.

Anandifunsanso ngati ndinauza wina aliyense PIN yanga kapena manambala achinsinsi amene amabwera pa meseji. Sindinauze munthu, komabe ndinasintha PIN nthawi yomweyo, poti sizidya ndalama. Amene anaulula PIN, kapena amene akaunti yake ya pafoni inalumikizidwa ndi ya kubanki, aimbirenso banki ola lomwelo, chifukwa wakuba amene walowa mu akaunti sakhutira ndi zimene mwamutumizira.

Kupolisi ndinapita tsiku lomwelo, nditatenga chiphaso cha unzika, foni ndi pepala langa. Wapolisi analemba sitetimenti, n'kuwerenga yekha mameseji onse awiri. Anandichenjeza kuti dzina limene linatuluka pa meseji ndisalikhulupirire kwambiri, chifukwa akuba ambiri amalembetsa masimu ndi ziphaso za anthu ena, ndiye kulifalitsa pa Facebook kungapachike munthu wosalakwa. Nditalandira kalata ya lipoti ndinaichititsa fotokope, n'kukaipereka ku ofesi ya kampani ya foni pamodzi ndi nambala ya dandaulo ija. Pakope yanga ndinapempha kuti adindepo chidindo cha tsikulo. Kampani ikakhala chete nthawi yaitali, dandaulo lingapite ku MACRA, bungwe loyang'anira makampani a mafoni, kapena ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira ntchito zotumiza ndalama pafoni, ndipo kumeneko kope yodindidwayo ndi umboni woti munayamba mwadandaula kukampani.

Pamene akauntiyo inkatsekedwa munali mutatsala K30,000 yokha. Zinazo anali atatapa kale, ndipo zotapidwa kampani singazibweze. Zimenezo zimadikira kuti munthuyo agwidwe.

Madzulo ake kunabwera foni ina. Mwamuna wa mawu aulemu anati ndi wa kukampani ya foni, ndalama zanga zapezeka zonse, ndingotumiza K10,000 yotsegulira fayilo ndi kumuwerengera manambala amene abwere pa meseji. Ankadziwa ngakhale kuchuluka kwa zimene ndinaberedwa, ndipo ndi mmene ndinamuzindikirira: kupatula kampani ndi apolisi, wodziwa za K85,000 anali wakuba yemwe uja, komanso ankaimba pa nambala wamba ya m'manja. Ndinamufunsa nambala ya dandaulo langa, iye n'kudula foni. Nambala yakeyo ndinakaiwonjezera pa sitetimenti m'mawa mwake.