Namwino wosuta fodya anandiuza ndisiye fodya

Dzulo ndinakayezetsa BP pa chipatala china muno mu Mzuzu. Inapezeka 158/96. Namwino anandikhazika pansi n'kunena mosabisa kuti, "Bambo, chepetsani mchere usapitirire tiyisipuni imodzi patsiku, ndipo fodya musiye."

Potuluka ndinaima kudikira kabaza wa ku Chibavi. Ndinamuona namwino yemweyo kuseri kwa mpanda, ndudu ili pakamwa. Mtima unandiwawa, ndipo ndinatsala pang'ono kutaya kapepala kanga ka mankhwala.

Koma usiku ndinaganiza mofatsa. Makina anayeza mkono wanga, osati wake. Fodya amawononga mitsempha ya magazi ya aliyense, kaya wakuchenjezayo amasuta kapena ayi. Ndudu yake ikungondiuza kuti kusiya n'kovuta, ngakhale kwa munthu amene amaona odwala sitiroko tsiku ndi tsiku.

Chikhala kuti anandiuza kuti "ine ndinasiya mosavuta, chitani ngati ine", pamenepo ndikanamukayikira, chifukwa umboni wake ukanakhala moyo wake womwewo. Koma sanadzitchule n'komwe.

Paketi yanga ndaiponya m'chimbudzi m'mawa uno. Manja akunjenjemera. Lachisanu ndikayezetsanso.