Paundi 13 pa ola: zimene ndimatsala nazo ndi zimene ndimatumiza kumudzi

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku England, ndipo kontilakiti yanga imati mapaundi 13 pa ola, maola 37.5 pa sabata. Achibale akamva nambala imeneyi amathamangira kuisintha kukhala makwacha. Ine ndimayambira pa kapepala ka malipiro, chifukwa pamenepo ndi pamene pali ndalama yeniyeni. Manambala awa ndi a chaka cha msonkho cha 2025/26, chimene chinayamba pa 6 Epulo 2025. Amene muli ku Scotland, msonkho wanu umawerengedwa mosiyanako.

Choyamba ndi maola. Mwezi suli ndi masabata anayi enieni, choncho ndimachulukitsa 13 ndi 37.5, kenako ndi masabata 52, n'kugawa ndi miyezi 12. Zimakwana £2,112.50, ndipo pakapepala zimalembedwa kuti Gross Pay. Chenjerani ndi nthawi yopuma: m'malo ambiri shifiti ya maola 12 amakulipirani 11 okha, chifukwa ola lodyera sililipiridwa. Ine ndimalemba maola anga m'kabuku tsiku lililonse n'kumafananiza ndi a pakapepala.

Tsopano zodulidwa. Msonkho, umene umaoneka ngati PAYE, sukhudza £12,570 yoyamba pachaka, kutanthauza pafupifupi £1,048 pamwezi. Yotsalayo, £1,064, ndi imene amadulapo 20 peresenti, ndiye kuti £213 yapita. Pamzere wa NI, yomwe ndi ndalama ya inshuwalansi ya boma yotchedwa National Insurance, amadula 8 peresenti ya ndalama yoposa £1,048 yomweyo, zimene ndi £85. Penshoni amakulowetsa okha osafunsa. Imatenga 5 peresenti ya ndalama yoposa £520, koma poti boma limabwezako msonkho, m'thumba mwanga mumachoka pafupifupi £64. Munthu angathe kutulukamo, koma ine ndinakhalamo chifukwa abwana nawonso amathiramo 3 peresenti, ndipo kuikana ndi kutaya ndalama yako yomwe. Zonse zikachoka, Net Pay imakhala pafupifupi £1,750.

Pali kanambala kena kamene ambiri sitikayang'ana, kolembedwa kuti Tax Code. Kwa munthu wa ntchito imodzi kamayenera kukhala 1257L. Mukaona BR, ndiye kuti akudula 20 peresenti pa ndalama yonse, osasiya ija yosakhomeredwa msonkho, ndipo pa malipiro ngati angawa msonkho ungakhale £422 m'malo mwa £213. Zimenezi zimakonda kugwera amene angofika kumene kapena amene asintha ntchito osapereka P45, kalata ya malipiro ndi msonkho yochokera kumene ankagwira. Mankhwala ake ndi kulowa pafoni mu akaunti yanu ya HMRC, bungwe lotolera msonkho kuno, kapena kuwaimbira, n'kuwauza za ntchito yanu. Akakonza, ndalama imene anadula mopyola imabwerera kudzera m'malipiro otsatira. Koma ngati BR ili pa ntchito yachiwiri, nthawi zambiri palibe cholakwika, chifukwa gawo losakhomeredwa lija linathera kale pa ntchito yoyamba.

Pa £1,750 imeneyi, chipinda chimene ndimachita lendi m'nyumba yokhala anthu angapo chimadya £600, magetsi ndi madzi zili momwemo. Chakudya ndi £250, basi £90, foni ndi zina zing'onozing'ono £110. Patsala £700. Ndimapatula £300 osaikhudza, ya viza, tikiti ya ndege kukagwa maliro, komanso masiku odwala, poti ndalama ya odwala imene lamulo limakakamiza abwana kupereka ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi malipiro. Choncho imene ndinalonjeza amayi ndi £400 pamwezi.

Nambala imeneyi ndinaitenga pa maola a m'kontilakiti okha, osawerengera ovataimu. Shifiti yowonjezera ya maola 11 ndi £143, koma yonseyo imagwera kumene kumadulidwa, ndiye msonkho, NI ndi penshoni zikatengapo ndimatsala ndi pafupifupi £97. Komanso mashifiti oterewa mwezi wina amapezeka, mwezi wina ayi. Ukazoloweretsa kumudzi ndalama ya mwezi wa ovataimu, mawa lake umapezeka ukukongola kuti usachite manyazi. Ikapezeka ndimaisunga kuti ithandize pa feteleza mvula isanayambe kapena pa fizi teremu ikamatsegulidwa.

Lonjezolo ndinalipanga m'mapaundi, osati m'makwacha. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya zinthu imasinthasintha, koma malipiro anga sasintha nayo. Potumiza sindinyengeka ndi mawu akuti kutumiza n'kwaulere, chifukwa ena amadyera pa mtengo wosinthira. Ndimalemba 400 m'mapulogalamu awiri kapena atatu otumizira ndalama, n'kuona makwacha amene afike pa Airtel Money kapena Mpamba ya amayi. Ndimawonjezerapo pang'ono ya ejenti, popeza potapa nawonso amadula.